Kanema wa Chichewa: mujambule bwanji, ndipo Chingerezi muikepo liti

Tisanakhudze kamera, tigwirizane pa mfundo imodzi. Kanema wopangira Amalawi ayenera kukwanira yekha m'Chichewa, moti mayi wa ku Mitundu kapena mnyamata wa ku Ndirande amve zonse popanda kuwerenga kalikonse pa sikirini. Mawu a Chingerezi olembedwa pansi, omwe ambiri timangoti masabutaito, amabwera pambuyo, ndipo amabwera pokhapokha pali anthu enieni amene akuwafuna. Pofuna kuti malangizowa akhale ogwirika, titsata kanema mmodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza: wa mphindi 3, wophunzitsa kuphika nkhwani wotendera.

Poyamba dziwani njira imene kanema adzafikire anthu

Izi zimalamula zina zonse, ngakhale kagwiridwe ka foni. Oonera ambiri kwathu kuno amaonera pa foni yaing'ono, ndi bandulo yowerengera. Ena sakhala pa intaneti n'komwe: kanema amawapeza kudzera pa gulu la WhatsApp la kumpingo, kapena mnzawo wawatumizira pa Bluetooth, kapena awaikira mu memori khadi pamsika. Kanema akatuluka pa YouTube kapena Facebook n'kuyamba kuyenda m'manja chonchi, amayenda yekha. Mutu umene munalemba, mawu ofotokozera, ndi fayilo ya Chingerezi imene munaika pambali, zonse zimatsala. Chimene chimafika ndi chithunzi ndi mawu olankhulidwa basi. N'chifukwa chake dzina lanu ndi mutu wa nkhani muyenera kuzitchula pakamwa m'masekondi oyambirira.

Ngati mukulinga ku TikTok, Reels za Facebook kapena Status ya WhatsApp, imikani foni choongoka, chithunzi cha 1080 x 1920. Ngati mukulinga ku YouTube ndi makanema otalikirapo, igonekeni chopingasa. Sankhani musanayambe, chifukwa kudula kanema wopingasa kuti akhale woongoka kumataya mbali zonse ziwiri, ndipo pa nkhwani wathu mungapeze kuti dzanja lothira nsinjiro latuluka m'chithunzi.

Lembani zolankhula, ndipo muzilembe m'Chichewa

Cholakwika chofala ndi kukonza mfundo m'Chingerezi kenako n'kumamasulira kamera ikujambula. Zimamveka. Munthu amayamba kulankhula ngati akuwerenga chidziwitso cha ku ofesi, ziganizo zimatalika, ndipo oonera amadutsa. Lembani monga mmene mungauzire mlamu wanu ali pakhonde, kenako werengani mokweza mutayika wotchi. Pamene lilime lapunthwa, sinthani chiganizocho.

Musatayenso masekondi 30 pa malonje. Moni waufupi ndi ulemu, ndipo Mmalawi amauyembekezera, koma ukhale m'chiganizo chimodzi ndi nkhaniyo: "Muli bwanji nonse, lero tikuphika nkhwani wotendera wosachita madzimadzi." Woonera wadziwa kale chimene apindule.

Sungani bwino pepala kapena fayilo imene mwalembayi. Ikadzafika nthawi ya mawu apansi, theka la ntchito lidzakhala latha kale.

Kusakaniza Chichewa ndi Chingerezi polankhula kulingalireni molingana ndi amene mukuwauza. Achinyamata a m'tauni sakuonapo vuto. Koma ngati phunziro likupita kumudzi, mawu ofunika kwambiri, monga miyeso, nthawi ndi chenjezo, akhale m'Chichewa chomveka. Nenani kuti nsinjiro zodzaza kapu imodzi, madzi theka la kapu, mphindi 5 pamoto wochepa.

Mawu omveka ndiwo amasunga oonera

Munthu amapirira chithunzi chosawala bwino, koma sapirira mawu osamveka, makamaka pa sipika ya foni yotsika mtengo ali m'minibasi. Ngati muli ndi ndalama yogula chipangizo chimodzi chokha, gulani maikolofoni yaing'ono yomata pakolala. Imateni pachifuwa, masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pakamwa, pamalo pamene nsalu kapena mkanda suzikhudza. Ngati mulibe, maikolofoni ya pa mahedifoni a waya imaposa ya foni imene ili mamita awiri kutali.

Adani a mawu ndi odziwika: mphepo, mvula pa malata, chigayo, njinga zamoto za kabaza, ndi wailesi ya oyandikana nawo. Wailesiyo ili ndi vuto lachiwiri. Nyimbo ikalowa mu kanema wanu, YouTube kapena Facebook ikhoza kuizindikira kuti ndi ya mwini wake, n'kutseka mawu a gawo limenelo kapena kuletsa kanemayo. Musanayambe, jambulani masekondi 10 mukulankhula, kenako mverani ndi mahedifoni. Khutu lanu pamalopo linazolowera phokoso ndipo silikulimvanso. Mahedifoni ndiwo adzakuuzeni zoona.

Pa kanema wophika pali njira yabwino koposa, yojambula manja ndi poto popanda kulankhula, kenako n'kujambula mawu paokha. Chifukwa chake n'chakuti foni imadzikwezera ndi kudzitsitsira mawu yokha, ndiye kuwira kwa poto ndi kugunda kwa mthiko zikakula, mawu anu amamira. Lowani m'chipinda chogona momwe muli matiresi, makatani ndi zovala, pakuti zimenezi zimameza kamvekedwe kobwereza kamene kamachitika m'chipinda chopanda kanthu. Werengani zimene munalemba, foni ili pafupifupi chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa, cham'mbali pang'ono kuti mpweya wa "p" ndi "ph" usaombe maikolofoni. Poedita musachotseretu phokoso la kukhitchini. Litsitseni lizimveka chapansipansi, kuti kanema akhale wamoyo.

Kujambula chithunzi

Pukutani diso la kamera ndi nsalu yofewa, ikani foni pa `Airplane mode` kuti woimba asakudulireni, ndipo ikhazikeni pa choimikira kapena muitsamiritse pa chinthu cholimba. Sankhani 1080p. 4K imadzaza foni, imaitenthetsa, makamaka mu Okutobala, ndipo oonera anu ambiri sadzaona kusiyana kwake.

Kuwala kukhale kutsogolo kwa chimene mukujambula, osati kumbuyo. Khitchini ya utsi ndi ya mdima, choncho tulutsani mbaula pakhonde kapena pamthunzi wa mtengo, m'mawa kapena chakumadzulo. Dzuwa la masana limaika mithunzi yakuda m'maso ndi kuyeretsa poto mpaka ndiwo zosaoneka. Dinani nthawi yaitali pa sikirini pamalo pamene pali poto kuti foni ikhome kuwala ndi kulunjika kwake. Mukapanda kutero, nthunzi ikakwera chithunzi chimayamba kusinthasintha. Mukajambula usiku pa getsi n'kuona mizere ikuyenda m'chithunzi, chifukwa chake n'chakuti magetsi athu ndi a 50 Hz pamene foni ikujambula zithunzi 30 pa sekondi. Ngati foni yanu imalola, sankhani 25 kapena 50, kapena funani pamene palembedwa `Anti-flicker` n'kuika pa 50 Hz.

Pa nkhwani mufunika zidutswa izi, chilichonse cha masekondi osachepera 10: zofunika zonse zili patebulo, manja akusadzula pafupi kwambiri, kutsuka m'beseni, kuduladula, kuika m'poto, kuthira tomato ndi mchere, kuthira nsinjiro, kutakasa, ndi mbale yomaliza pambali pa nsima. Kusadzula kujambuleni kawiri, chifukwa ndi pamene munthu wosadziwa amafuna kuonetsetsa.

Chinthu chimodzi muchite tsopano ngakhale simunaganize za Chingerezi: siyani malo m'munsi mwa chithunzi. Poto akhale pakati kapena chakumtunda pang'ono. Mukamuika pansi penipeni, tsiku limene mudzafune kulemba mawu adzagwera pa ndiwo zomwezo.

Kuedita ndi kuchepetsa fayilo

CapCut pa foni imakwanira. Pa kompyuta pali Kdenlive ndi DaVinci Resolve zaulere. Yambani ndi mawu, kenako yalani zithunzi pamwamba pake. Mukamaliza, tulutsani kanema woyera, wopanda mawu aliwonse apansi, pa 1080p, ndipo musunge ameneyu ngati mbewu. Makope ena onse adzachokera mwa iye.

Kukula kwa fayilo mungakuwerengere nokha mukadziwa Mbps, muyeso wa deta imene kanema amatenga pa sekondi iliyonse:

```
MB = Mbps x masekondi / 8
1.5 x 180 / 8 = 33.75
```

Ndiye kuti kanema wa mphindi 3 pa 1.5 Mbps amakwana pafupifupi 34 MB, pamene yemweyo wongochoka mu kamera pa 1080p akhoza kupitirira 300 MB. Pa YouTube ndi Facebook ikani wamkuluyo ngati bandulo ikulola, chifukwa iwo amamuchepetsa okha molingana ndi netiweki ya woonera. Wa pa WhatsApp ndi memori khadi mumuchepetse nokha. Mu HandBrake, pulogalamu ya pa kompyuta yochepetsera makanema, sankhani `Fast 720p30`, ndipo mukatha muonereni pa foni yotsika mtengo, osati pa laputopu.

Tsopano funso la Chingerezi

Ambiri amaganiza kuti akangoika Chingerezi, dziko lonse liyamba kuonera. Sizichitika choncho. Mawu apansi amathandiza munthu amene wafika kale pa kanema wanu kuti asachoke. Sakamuitana kumene ali. Ndipo ali ndi mtengo wake. Kwa munthu wozolowera, kulemba, kumasulira ndi kulinganiza nthawi kumadya mphindi 10 mpaka 15 pa mphindi imodzi ya kanema, ndiye nkhwani wathu atenga pafupifupi mphindi 45, ndipo kwa woyamba kumene ola lathunthu silikwana. Nthawi imeneyo ikanapita kukajambula kanema wina wa Chichewa. Choncho dzifunseni mafunso atatu.

Loyamba: kodi nkhaniyi munthu wosamva Chichewa ali nayo ntchito? Kaphikidwe ka nkhwani, gule, ulendo wokwera phiri la Mulanje, kusema ziboliboli, kugwira usipa panyanja, zimenezi mlendo akhoza kuzifuna, ndipo chithunzi chokha chimanena zambiri. Koma mitengo ya feteleza ku Kasungu, kapena malangizo a kalembera wa mayeso a MSCE, amene akuzifuna amamva kale Chichewa. Sewero loseketsa lili pakati, ndipo ndi lovuta kwambiri: nthabwala zambiri zimadalira kamvekedwe ka mawu, kalankhulidwe ka dera, ndi zinthu zimene Amalawi tonse timadziwa popanda kuuzana. Mukamasulira, mzere wa Chingerezi umatuluka wolondola koma wosaseketsa.

Lachiwiri: kodi amene akukuonerani panopa ndi ndani? Mu YouTube Studio tsegulani `Analytics` kenako `Audience`, muone `Top geographies`. Facebook nayo imaonetsa mayiko ndi mizinda ya oonera. Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Mukaona South Africa kapena United Kingdom pamndandanda, musafulumire kunena kuti alendo abwera. Nthawi zambiri ndi Amalawi anzathu a ku Joni, Cape Town kapena Manchester, amene akuonera chifukwa chomwecho chakuti kanemayo ndi wa Chichewa. Wa ku Chipata kapena Lusaka amamva popanda thandizo. Wa ku Tete kapena Angonia amamvanso, ndipo akafuna kuwerenga, chilankhulo chimene anaphunzira kusukulu ndi Chipwitikizi, osati Chingerezi. Umboni weniweni uli m'ndemanga: kodi alipo akulemba m'Chingerezi kufunsa kuti mwathira chiyani? Kodi alipo akunena kuti ana awo obadwira kunja, kapena amuna kapena akazi awo a mtundu wina, akufuna kutsatira? Amenewo ndiwo eni ake a mawu apansi, ndipo pa kanema wophika amapezekadi.

Lachitatu: kodi pali wina amene mukufuna kumuonetsa ntchitoyi? Bungwe lothandiza ndi ndalama, mpikisano wa mafilimu wakunja, kapena kampani yofuna kutsatsa malonda, angafune Chingerezi kuti aweruze. Pamenepo chifukwa chilipo chomveka, ngakhale oonera a Chingerezi akhale anthu 5 okha.

Palinso chinthu chimene chimaiwalika mkanganowu ukakula. Mawu apansi a Chichewa akhoza kukupindulirani koposa a Chingerezi. Amathandiza anthu osamva, amathandiza woonera atatseka mawu pamzere wa kuchipatala kapena pantchito, ndiponso amathandiza amene Chichewa ndi chilankhulo chawo chachiwiri akakumana ndi munthu wolankhula mothamanga. Ngati mphamvu zanu zikukwana chilankhulo chimodzi chokha ndipo oonera anu ali kuno, yambani ndi Chichewa.

Mawu omatirira ndi mawu oyatsa

Pali njira ziwiri, ndipo kusankha molakwika apa ndiko kumawononga makanema ambiri. Mawu omatirira amakhala gawo la chithunzi, palibe angawachotse. Mawu oyatsa amakhala mu fayilo yapadera ya `.srt`, ndipo woonera amawayatsa yekha pa batani la `CC`.

Pa YouTube ndi Facebook gwiritsani ntchito oyatsa. Wa ku Mitundu saona kalikonse kom'tchinga, wa ku Manchester amayatsira mwana wake, ndipo mukapeza cholakwika mumakonza fayilo yokha popanda kuchotsa kanema. Pa YouTube, mukaika Chingerezi, woonera angathenso kusankha kuti chimasuliridwe m'chilankhulo china monga Chipwitikizi, ngakhale kumasulirako kumakhala kongothandiza kutsatira, osati kosalala.

Omatirira ndi a kumene fayilo yapadera siingafike, monga pa WhatsApp. Koma musamatirire Chingerezi pa kope limene likupita kwa aliyense. Pa sikirini yaing'ono, mizere iwiri imatchinga gawo lalikulu la chithunzi, diso limakokedwa ndi zolemba ngakhale munthu asakuziwerenga, ndipo woonera wakumudzi amamva ngati kanemayu anapangira ena, iye wangoitanidwa mochedwa. Pangani makope awiri kuchokera ku woyera uja: wopanda Chingerezi wa magulu akwathu, ndi wa Chingerezi wotumizira amene apempha.

Kalembedwe ka mawu apansi

Musayambe kanema asanamalizidwe. Mukadula ngakhale masekondi awiri pambuyo pake, mizere yonse yotsatira imasokonekera. Tsegulani kanema womalizidwayo mu Subtitle Edit kapena Aegisub, mapulogalamu aulere a pa kompyuta amene amaonetsa mafunde a mawu, kuti muone pamene munthu wayamba ndi pamene wasiya kulankhula. Gawani mawu a Chichewa m'zidutswa poyamba, muziike nthawi yake, kenako sungani kope lina n'kumasulira chidutswa chilichonse. Mukatero mumapeza mafayilo awiri, ya Chichewa ndi ya Chingerezi, pa ntchito imodzi yolinganiza nthawi.

Malamulo ake ndi ochepa. Mizere isapitirire iwiri pa nthawi imodzi. Pa kanema wopingasa mzere usapitirire zilembo 42, kuwerengera ndi mipata. Pa woongoka khalani pafupi ndi 30. Chidutswa chikhale pa sikirini sekondi imodzi kapena kuposera, koma osapitirira masekondi 7. Ndipo lamulo lalikulu ndi liwiro: zilembo pafupifupi 15 pa sekondi, makamaka poti ambiri owerenga Chingerezi chanu si chilankhulo chawo choyamba.

Tiyese. Mu kanema mukunena kuti, "Mukatha kusadzula nkhwani, muutsuke kawiri kuti mchenga uchoke, kenako muuduledule." Chiganizochi chatenga masekondi 4.5. Mukachulukitsa ndi 15, mwapatsidwa zilembo pafupifupi 67. Patsogolo mukunena kuti, "Nsinjiro musathire madzi akadali ambiri, apo ayi ndiwo zichita madzimadzi," m'masekondi 4.6. Zidutswa ziwirizi mu fayilo zioneka chonchi:

```
7
00:00:21,000 --> 00:00:25,500
Strip the fibres off the pumpkin leaves,
rinse twice, then chop.

19
00:01:12,200 --> 00:01:16,800
Add the groundnut flour only when
most of the water has cooked off.
```

Chidutswa choyamba chili ndi zilembo 63, chachiwiri 66, zonse zakwana. Onani kuti za mchenga zasiyidwa. Zikanalowa, woonera sakanamaliza kuwerenga, ndipo chithunzi chikuonetsa kale mchengawo pansi pa beseni. Umu ndi mmene mumafupikitsira: chimene diso likuona musachilembenso, mawu obwereza monga "ndiye basi" ndi "mwaona eti" muwasiye, koma muyeso, nthawi ndi chenjezo musazidule konse. Onaninso pamene mzere waduka. Dulani pamene munthu angapumire, osati pakati pa mawu oyendera limodzi.

Mayina a zakudya ndi zinthu zathu asiyeni m'Chichewa. Nsima ilembedwe nsima, ndipo pamene yatchulidwa koyamba onjezani mawu awiri kapena atatu ofotokoza, kenako muzingoitchula dzina lake. Chidulo, thobwa, chitenje, chimodzimodzi. Mwambi musaumasulire liwu ndi liwu. Lembani tanthauzo lake mwachidule, chifukwa woonera ali ndi masekondi 4 okha. Ndalama zilembedwe m'makwacha ndi chizindikiro `MK`, musazisinthire ku madola, pakuti mtengo wosinthira umasuntha pamene kanema akhalabe. Ndipo samalani ndi ulemu. Munthu akati "agogo" kapena "amfumu", Chingerezi chanu chisamupeputse wotchulidwayo pongolemba dzina lake lokha.

Pomaliza pezani munthu wodziwa bwino Chingerezi aonere kanema atatseka mawu. Akatha kukuuzani mmene nkhwani waphikidwira, fayilo yakhoza. Akaimitsa kuti awerenge, chidutswacho chatalika.

Kuika fayilo, ndi zimene zimalakwika

Mu YouTube Studio pitani ku `Subtitles`, pamene ena amaona `Languages`, onjezani chilankhulo, kenako sankhani `Upload file` ndi `With timing`. Pamalo omwewo pali mwayi womasulira mutu ndi mawu ofotokozera kanema. Musaudumphe, chifukwa umu ndi mmene wofufuza m'Chingerezi angakupezereni. Mutu wa Chichewa ukhalebe waukulu, wa Chingerezi uonekere okhawo amene YouTube yawo ili m'Chingerezi. Dziwani kuti Amalawi ambiri foni zawo zili m'Chingerezi, ndiye iwonso akhoza kuona mutu womasuliridwawo. Choncho siyani mawu akuti nkhwani wotendera mu mutu wa Chingerezi womwewo, kuti wakwathu azindikire msanga. Musauze YouTube kuti chilankhulo cha kanema ndi Chingerezi pamene ndi Chichewa, apo ayi idzayesa kudzilembera yokha zimene ikumva n'kutulutsa mawu opanda mutu.

Facebook imafuna kuti dzina la fayilo likhale ndi chizindikiro cha chilankhulo ndi dziko, monga `nkhwani.en_US.srt`. Dzina likalakwika, imakana fayiloyo.

Kope la mawu omatirira mungalipange mu HandBrake posankha fayilo ya `.srt` ndi kuchonga `Burn In`, kapena ndi lamulo ili la pulogalamu ya ffmpeg:

```
ffmpeg -i nkhwani.mp4 -vf subtitles=nkhwani.srt -c:a copy nkhwani_eng.mp4
```

Zilembo zikhale zoyera zokhala ndi mkombero wakuda, kapena zikhale pa kabokosi kakuda, kuti zioneke ngakhale pa mbale yoyera ya nsima. Zikhale zazikulu ndithu, chifukwa WhatsApp imafinyanso kanema ndipo tizilembo tating'ono timafufutika. Pa kanema woongoka, kwezani mawu pamwamba pa gawo limodzi la magawo anayi la m'munsi, ndipo asayandikire mbali ya kumanja, popeza TikTok ndi Reels zimaika dzina lanu ndi mabatani awo m'malo amenewo.

Fayilo ikakanidwa, yang'anani zinthu zitatu: pakati pa masekondi ndi tizigawo take payenera kukhala chizindikiro cha `,` osati kadontho, pakati pa zidutswa payenera kukhala mzere wopanda kanthu, ndipo dzina lisathere ndi `.srt.txt`, zomwe Notepad imakonda kuchita mwakachetechete. Mukaona kuti ŵ wa mu Malaŵi wasanduka zizindikiro zachilendo, sunganinso fayilo ngati `UTF-8`. Mawu akachedwa mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndiye kuti munaonjezera kapena kuchotsa kanthu kumayambiriro. Pulogalamu iliyonse ya mawu apansi imatha kusuntha zidutswa zonse pamodzi. Akayamba bwino n'kusokonekera pakati, munadula pamenepo, ndipo musunthe zoyambira pamalowo kupita kutsogolo. Mukaona mawu awiri akusanjikizana, mwaika kope lomatirira pamalo pamene munaikanso fayilo yoyatsa.

Kumbukiraninso anthu amene ali mu kanema. Mayi amene anavomera kujambulidwa akuphika ankaganiza za anthu a m'dera lake. Mukaika Chingerezi, mwam'tengera kwa anthu amene sanawaganizire. Muuzeni, ndipo ngati muli ana, funsani makolo awo.

Muyese pang'ono musanadzipereke

Musabwerere kukamasulira makanema anu onse 50. Sankhani 5 amene akuoneredwa kwambiri ndipo nkhani yake mlendo angaifune, muwaikire Chingerezi choyatsa pamodzi ndi mutu womasuliridwa, kenako dikirani masiku 28, omwe ndi nthawi imene YouTube Studio imaonetsa mukangotsegula. Pa `Audience` pali gawo la `Top subtitle/CC languages` losonyeza kuti ndi angati anayatsa mawu apansi ndipo a chilankhulo chanji. Fanizirani ndi mndandanda wa mayiko wa mwezi wapitawo, ndipo onani ngati ndemanga za Chingerezi zayamba kubwera kuchokera kwa anthu atsopano.

Muyeso wathu ndi uwu, ndipo ndi wongotithandiza kugamula, si lamulo la YouTube. Ngati oyatsa Chingerezi sakufika 2 pa oonera 100 alionse ndipo palibe dziko latsopano pamndandanda, lekani, mubwezere nthawiyo ku makanema atsopano ndi mawu apansi a Chichewa. Akafika 10 pa 100, Chingerezi chilowe m'ndondomeko ya kanema aliyense wa mtundu umenewo. Akagwera pakati, masulirani okhawo amene sakalamba, monga kaphikidwe ndi luso la manja, ndipo muzichita zimenezi patatha sabata kanema atatuluka, mutaona kale kuti anthu akwathu amulandira.